Dinani Apa, Ndikuyankhani Ndekha

Amayi a Shamsa, dzina lawo Rahila, anayamba kugulitsa mpunga chaka cha mavoti oyamba a matipate, ali mtsikana, pamalo okwerera basi pa Nkhotakota boma. Nthawi imeneyo aliyense wokhala ndi lichero anasanduka wamalonda. Pamisonkhano ya ndale analandira nsalu ziwiri, ya chipani ichi ndi ya chipani icho, ndipo zonse ziwiri ankavundikira mpunga kuopa fumbi. Iwo amati ndale zawo zinathera pomwepo.

Ine ndine Nester. Ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kujambula zithunzi za ziphaso, khomo loyandikana ndi shopu yawo ya mpunga. Bambo anga anachokera ku Mulanje kudzadula nzimbe ku Dwangwa, choncho kuno ndine wobwera. Ndine Mkhristu pakati pa Asilamu, ndiponso pakamwa panga sipachedwa kupsa. Koma kwa zaka zambiri ine ndi Amayi a Shamsa tamwera tiyi m'fulasiki imodzi. Amandidziwa kuti sindinyengerera munthu, ndipo n'chifukwa chake anatuma ine osati wina.

Amuna awo, a Zaidi, anawapeza pa basi pomwepo. Anali kondakitala, ndipo anagula mpunga kwa iwo mpaka kunyumba kwawo kunasowa poika. Atakwatirana anasiya za basi nalowa mu mpunga, ndipo ntchito inagawika yokha. A Zaidi anatenga pakamwa, akazi awo anatenga sikelo. Kupita ku Bua kukakambirana ndi alimi, kunyengerera a pachigayo kuti asaswe mpunga, kucheza ndi madalaivala a minibasi kuti thumba likafike ku Lilongwe losanyowa, zonsezo zinali za a Zaidi. Kusiyanitsa Kilombero weniweni ndi wosakaniza, kupeta, kuchotsa timiyala ndi kuika mtengo zinali za Amayi a Shamsa. Munthu ukalowa m'shopumo unkamva mawu a mwamuna, koma thumba silinkatuluka mkazi asanagwedeze mutu.

Za kutsatsa malonda pa Fesibuku ndinawaphunzitsa ndine, ndipo anandivuta ngati mwana wa sukulu yamkaka. Tinajambula kanema wamfupi kutsogolo kwa shopu. A Zaidi anavala mkanjo woyera ndi kofiya, natapa mpunga m'dzanja, n'kumauthira pang'onopang'ono m'lichero.

"Salaamu aleikumu. Ndine Zaidi wa ku Kota. Mpunga wake ndi uwu, wopanda mwala. Dinani apa, ndikuyankhani ndekha."

Munsi mwa kanemayo munali batani. Munthu akadina, foni yake inkatsekula watsapu ya a Zaidi, mawu atalembedwa kale akuti, "Moni, ndikufuna kudziwa mtengo wa mpunga," kungotsala kutumiza. Tinasankha kuti kanemayo azionekera kwa anthu a ku Lilongwe, ku Salima ndi kuno kwathu mpaka ku Dwangwa. Ndalama inkachoka pa khadi lawo la ku banki, pafupifupi K3,000 patsiku tikasintha madola. Tsiku lomaliza sanafune kuika. Anati malonda a mpunga satha, ndiye kutsatsa kuthe bwanji. Atazolowera anayamba kuyendetsa okha pafoni yawo, ine n'kusiya kulowererapo.

M'mawa uliwonse ankatsekula dashibodi, tsamba lija la manambala losonyeza mmene malonda akuyendera, n'kuwaonetsa akazi awo kamzere kokwera ndi kutsika. Amayi a Shamsa Chingerezi sawerenga, koma manambala simungawanamize nawo. "Ukaona kakukwera, Rahila, ndiye kuti makasitomala akubwera," ankatero a Zaidi. Masiku amenewo zinali zoona ndithu.

Anamwalira mwezi wa Juni, nthawi yokolola, mwera ukuomba. Anagwa pachigayo m'mawa akumanga thumba, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Anzathu Asilamu sagoneka maliro. Itatha swala ya masana anali atawaika m'manda. Munthu wodziwika kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa, amene makondakitala onse a msewu wa Salima ankamutchula dzina, anaikidwa ambiri mwa anzake asanamve n'komwe uthenga.

Amayi a Shamsa analowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda. Shopu inatsekedwa. Ndinkapita kukawaona pafupipafupi, ndipo sindinawaonepo akulira. Ankakhala pamkeka m'chipinda chochezera, mpango kumutu, mafoni awiri pambali, yawo ndi ya malemu. Ukawapatsa tiyi ankamwa. Ukapanda kuwapatsa sankapempha. Ukawafunsa mmene agonera ankati, "Tagona," n'kumayang'ana khoma. Zinkandiopsa kuposa akanakhala akugubuduka pansi.

Kutatsala masiku ochepa kuti ichitike arubaini, sadaka ya masiku makumi anayi, ananditumira uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza atakhala pomwe paja, koma ulendo uno anayamba ndi iwo kuyankhula.

"Nester, pa arubaini akubanja akhala pansi. Alamu anga a Khalidi akuti shopu itsekedwe, nyumbayo tibwereketse kwa ogulitsa mafoni, ndalama yotsala igawidwe kwa ana. Akuti malonda aja anali pakamwa pa mbale wawo."

A Khalidi ndi mkulu wawo wa malemu, munthu wopemphera, wosaba, koma wokhulupirira kuti chimene sakuchimvetsa n'chosafunika.

"Inu mukuti bwanji?" ndinafunsa.

"Shopu ija ndinaiyamba ndi lichero. Sindiisiya." Ananena ngati akunena mtengo wa ndowa. Kenaka anatenga foni ya malemu, natsekula dashibodi mosaphonya, monga ankaonera amuna awo akuchitira. "Taona. Chimwalirireni bambo a Shamsa kamzereka kakungokwera. Apa pali 60,000. Undisindikizire papepala, ubwere udzawauze a Khalidi kuti anthu onsewa akufuna mpunga wathu. Ndalama ya mpamba ndikufuna ndiitumize yonse ku Bua, ndigule wosapuntha mitengo isanakwere."

Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti kanema uja anali akuyendabe. Palibe amene anali atapita ku banki kukanena za imfa, khadi linali ndi ndalama, ndipo makina sadziwa za maliro. Tsiku lililonse chimwalirireni, a Zaidi ankatulukira m'mafoni a anthu, mpunga m'dzanja, akulonjeza kuti ayankha okha. Ine sanandionekerepo, poti makinawo sasonyeza aliyense. Ndinakwiya, osadziwa wokwiyira. Anthu onse amene anamuona munthuyo, palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zodzandiuza?

Ndinakhala nawo pamkeka, foni pakati pathu. Ndinasankha mwezi womaliza a Zaidi ali moyo, ndinalemba manambala ake kuseri kwa katoni ya sopo, kenaka ndinasankha mwezi wotsatira imfa yawo.

"Tiyambe ndi 60,000 wanuyu, amayi. Awa amati maimpuresheni. Si anthu ayi. Ndi maulendo amene kanemayu waonekera pafoni ya munthu. Akaonekera kwa inu m'mawa, masana ndi madzulo, pamenepo alemba katatu, inu muli mmodzi yemweyo. Kaya mwamuonera mpaka kumapeto, kaya mwangomudutsa ndi chala, alemba basi."

"Ngati munthu wodutsa pakhomo pa shopu."

"Eya. Wodutsa popita kumsika ndi pobwerera, mawa chimodzimodzi. Anthu enieni ali apa, pamzere wapansiwu. Mwezi uja bambo ali moyo kanemayu anaonekera maulendo 60,000 kwa anthu 30,000, aliyense ngati kawiri. Mwezi uno waonekera maulendo pafupifupi omwewo, koma kwa anthu 12,000 okha. Ndiye kuti aliyense wamuona ngati kasanu. Anthu achepa, amayi, sanachuluke."

Anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Nkhope sinasinthe.

"Nanga kamzere kakukwereranji?"

"Kamzere kakuwerenga makiliki, kudina kwa batani lija. Mwezi uja anadina maulendo 600. Mwezi uno 3,000."

"Kasanu."

"Kasanu, inde. Ndipo nambala yaing'ono iyi ndi mtengo wa kiliki imodzi. Amatenga ndalama yonse imene yapita n'kugawa ndi makiliki. Miyezi yonse iwiri yadya K90,000 uliwonse. Mukagawa ndi 600 mupeza K150. Mukagawa ndi 3,000 mupeza K30."

"Ndiye zatchipa," anatero. "Bambo a Shamsa akanavina."

Akanavinadi, ndipo wina aliyense wongoonera patali akanati malondawa akuyenda bwino kwambiri. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dashibodi imadziwa kuti chala chadina. Siidziwa chimene chili mumtima mwa mwini chala, ndipo thumba la mpunga likatuluka m'shopu siiona.

"Mwezi uja munatumiza matumba kwa anthu angati ochokera pa kanemayu?" ndinafunsa.

Sanafunike kuganiza. "Makumi atatu. Ena matumba awiriawiri."

"Ndiye kuti pa anthu makumi awiri aliwonse odina, mmodzi ankagula. Kasitomala mmodzi ankakudyerani K3,000 ya kutsatsa, ndipo phindu la thumba linkaposa pamenepo. Zinali bwino. Nanga mwezi uno mwagulitsa angati?"

"Shopu ndi yotseka."

"Mauthenga a pa watsapu mwawerengako?"

Anapukusa mutu. "Anati ayankha okha. Ine ndiyankha kuti ndine ndani?" Anayang'ana foniyo. "Ndimati makasitomala adikire arubaini ithe."

Ndinapempha chilolezo, ndipo anandikankhira foniyo ndi chala chimodzi. Munali mauthenga osatsekula ochokera kwa anthu mazana anayi ndi kanthu. Ambiri odina sanalembe kanthu, anangotsekula n'kutseka. Ndinayamba kuwerenga mokweza amene analemba.

Woyamba anali dalaivala wa ku Salima. Analemba mawu a Chiarabu aja amene Asilamu amanena akamva za imfa, oti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, n'kuwonjeza kuti, "Achimwene, ndamva mochedwa." Wachiwiri anali mayi wa ku Ngala: "Pepani anamfedwa, sitinathe kufika." Wachitatu anatumiza mawu olembedwa kale aja ofunsa mtengo, kenaka pansi pake n'kulemba, "Pepani, zangotumizika zokha, ndimafuna kupepesa." Mkulu wina wa ku Dwangwa anajambula mawu, ndipo titatsekula tinangomva kupuma ndi phokoso la mathirakitala a nzimbe, mpaka kutha. Munsi mwa kanema pa Fesibuku, momwe anthu amalemba ndemanga, munali zomwezo zokhazokha.

Maliro n'kulirana, ndipo kuno amene waphonya maliro amayenera kufika pakhomo kudzapepesa, angachedwe bwanji. Anthuwa analibe ya basi, kapena abwana sanawalole, ndiye malemuyo n'kuwatulukira pafoni akuti dinani apa. Anadina. Ena ankadina tsiku lililonse akamuona.

"Makinawa tinawauza kuti azifunafuna anthu odina," ndinafotokoza. "Akaona kuti awa ndiwo akudina, amabwerera kwa iwo omwewo ndi kwa ofanana nawo. N'chifukwa chake anthu achepa koma makiliki achuluka. Kanemayu wasiya kufunafuna ogula mpunga. Akuzungulira pakati pa olira."

"Ndiye ndi siwa," anatero Amayi a Shamsa.

Ndinapitiriza kutsika ndi chala, ndipo pakati pa mapepeso ndinayamba kupeza ena. Mayi wa lesitilanti ku Lilongwe anafunsa matumba atatu, n'kufunsanso, kachitatu n'kulemba kuti wapeza kwina. Mphunzitsi wa ku Salima ankafuna wa ukwati wa mwana wake, ndipo tsiku la ukwatiwo linali litadutsa. Onse ofuna mpunga zenizeni anakwana asanu ndi anayi. Awiri okha ndiwo ankaoneka kuti angakhale akudikirabe.

Ndikubwerera pamwamba ndinaona dzina limene ndinalidumpha poyamba, chifukwa malemu analisunga kuti "Bwana Wamkulu". Chithunzi chake chinali cha lichero la mpunga. Nambala ndinaizindikira. Mauthenga osawerengedwa anali ochuluka kuposa a wina aliyense, ndipo womaliza, wa m'mawa womwewo, unkaoneka pamzere: "Moni, ndikufuna kudziwa mtengo wa mpunga." Anatumiza ndi munthu amene wakhala akuika mtengowo kwa zaka makumi atatu. Sindinatsekule. Ndinamva chisoni chimene sindinamve ngakhale tsiku la maliro, ndipo ndinaika foniyo pansi chafufumimba.

Anandiona kuti ndaona.

"Amabwera pafoni yangayi," anatero, mawu ali phwa. "Sindichita kumufuna. Ndikamaona zithunzi za anthu, basi watulukira. Nthawi zina m'mawa, nthawi zina ndikatha kuswali. Tsiku lina sabwera n'komwe, monga ankachitira akapita ku Bua." Anakonza mpango. "Zanga zilinso m'manambalamo?"

"Zilimo."

"Chabwino."

Ndinawafunsa ngati ndisindikizebe pepala lija. Anati ndisindikize miyezi yonse iwiri, ndipo ndisabise kanthu. Za ndalama ya ku Bua sanazitchulenso.

Tsiku la arubaini anthu anadya, mashehe anawerenga duwa yopempherera malemu, ndipo alendo atabalalika masana akubanja anakhala m'chipinda chochezera. Panali a Khalidi, alongo awo awiri, ndi Shamsa, mwana woyamba wa malemu, amene ndi namwino ku Lilongwe. Ine anandiika pampando wapakhomo, mapepala anga pamiyendo.

A Khalidi anali atamva kale za kanemayo, ndipo anabwera atakwiya. "Anthu akundiimbira kuti mbale wanga akugulitsa mpunga ali kumanda. Ndamvanso kuti aliyense akadina, ndalama imachoka ku banki. Ndiye kuti anthu opepesawa adya chuma cha ana amasiye ndi zala zawo?"

"Ayi, bambo," ndinatero. "Malonda awa sanaikidwe kuti azilipira munthu akadina. Amalipira kuonekera kwa kanema, ndipo malire ake ndi K3,000 patsiku. Akanadina anthu khumi, akanadina chikwi, ndalama ikanapita yomweyo. Opepesawo musawade. Ndalama yapita chifukwa palibe amene anazimitsa."

"Yapita zingati?"

"Chimwalirireni, pafupifupi K120,000."

Anatembenukira kwa alamu awo ngati wapeza chimene ankafuna. "Mwamva, alamu? Ndalama yonseyo, thumba ngakhale limodzi osagulitsa."

Ndinatsekula pakamwa kuti ndiwayankhe mmene ndimayankhira ine, koma Amayi a Shamsa anatambasula dzanja kuti ndiwapatse mapepala. Anawayala pamkeka, la Meyi kumanzere, la pambuyo pa imfa kumanja. Sanakweze mawu, ndipo sanayang'ane munthu kumaso.

"Ndimafuna kukuonetsani ili lakumanjali, alamu, kuti muone anthu 60,000. Nester wandiuza kuti si anthu, ndipo odinawo ndi olira. Ndiye ili lisiyeni, ndi la maliro. Onani ili. Anadina 600, anagula makumi atatu. Amene anagulawo ambiri sankamudziwa mbale wanu. Anabweranso kachiwiri chifukwa mumpunga munalibe mwala, ndipo mwala ndinkachotsa ndine."

"Koma woyankha anthu anali iye."

"Anali iye."

"Ndiye ayankha ndani?"

"Ndiyankha ine. Eda siiletsa kugwira foni. Mpunga wopuntha kale ulipo m'shopu, minibasi zikuyenda, Nester ali khomo loyandikana. Ku Bua nditumiza ndalama ya matumba ochepa, olingana ndi ogula makumi atatu, osati yonse."

Shamsa anati iye gawo lake alisiya m'shopu. Alongo a malemu anayang'anana, wina n'kunena kuti mpunga wa pa sadaka ya tsikulo unali wopetedwa ndi mlamu wawoyo, ndipo palibe amene analuma mwala. A Khalidi anatenga pepala la Meyi, naliyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kundifunsa ngati manambala amenewo angabwererenso.

"Sindingalonjeze," ndinatero. "Kanema watsopano ayamba pa ziro, ndipo kiliki ingadule kuposa K150. Musadzayang'ane kamzere. Muzidzafunsa kuti mwa odinawo agula angati."

Anapinda pepalalo. "Shopu ikhale ndi inu mpaka kukolola kwa chaka chamawa, tidzakhalenso pansi. Za ku banki ndikazikonza ine, zatsopanozo muzilipira ndi khadi lanu. Koma chinthu chimodzi, alamu. Mbale wanga achoke m'mafoni mwa anthu lero lomwe. Munthu tamuwerengera duwa, apume. Asamaitane anthu."

Pamenepa sindikanawatsutsa. Ananena zoona, ndipo aliyense m'chipindamo anagwedeza mutu. Amayi a Shamsa anati, "Ndamva," monga ankayankhira ukawafunsa ngati amwa tiyi.

Anthu atatuluka tinatsala awiri. Kunja atsikana ankatsuka miphika ya sadaka, dzuwa likadali pamwamba. Ndinatsekula dashibodi pafoni ya malemu, ndinawaonetsa kabatani kobiriwira ngati mtambo kamene kali pambali pa dzina la malonda.

"Mukakakankhira uku, kazima. Ndalama isiya kuchoka, kanema asiya kuonekera kwa anthu. Manambala akhala pomwe afikapa."

"Ndiye afufutika?"

"Ayi. Kanemayo alipo patsamba la shopu, ndiponso ndamusunga mufoni yanu, ndi pakompyuta yanga. Mukafuna kumuona mungotsekula, nthawi ina iliyonse, kangati konse mungafune."

Ndinkaganiza kuti ndawatonthoza. Anatenga foni yawo, natsekula Fesibuku, nayamba kutsika ndi chala pang'onopang'ono. Panadutsa ukwati wa munthu, nsapato za kaunjika, mpira, mwana wa wina atavala yunifolomu. Ndinadziwa chimene ankadikira. Anatsika nthawi yaitali ndithu. Tsiku limenelo a Zaidi sanabwere.

Anaika foni yawo pansi, natenga ya malemu.

"Ndiye kuti kuyambira lero ndizichita kumuitana," anatero.

"Eya, amayi."

"Sadzabweranso yekha."

"Ayi."

Anakankha kabataniko ndi chala chachikulu, ndipo kanasanduka kotuwa. Anakayang'ana kanthawi. Kenaka anatsekula watsapu, napeza mmodzi wa awiri aja amene ankadikirabe, bambo wa golosale ku Salima, n'kundipatsa foni kuti ndilembe, poti ine ndimafulumira.

"Ndilembe kuti chiyani?"

"Lemba kuti mpunga ulipo, Kilombero, wopanda mwala. Upepese kuti tachedwa kuyankha."

"Ndinene kuti walemba ndani?"

Anayang'ana khoma lija limene akhala akuliyang'ana masiku onsewa.

"Lemba kuti Rahila," anatero. "Akafunsa za a Zaidi, uwauze kuti anasiya kuyankha."